Kuchotsa tailosi imodzi popanda kuswa anzake

Tailosi imodzi ikasweka pakati pa shopu, ntchito yoichotsa imaoneka yaing'ono. Ambiri amangotenga hamala ndi tchizulo, n'kulowetsa tchizulocho mumzere wa pakati pa matailosi, n'kuyamba kukanula. Pakutha pa mphindi zochepa, m'malo mwa tailosi imodzi yosweka pamakhala atatu, ndipo phindu la ganyuyo lathera pomwepo. Kwa wochita lendi shopu ku Old Town kapena ofesi ku City Centre, nkhani imakula kuposa apo, chifukwa eni nyumba amadzawerengera zowonongekazo tsiku lotuluka, pomwe matailosi a mtundu womwewo mwina adatha kalekale m'mahadiweya.

Mfundo yaikulu pa ntchitoyi ndi imodzi: tailosi yosweka iyenera kulekanitsidwa kaye ndi anzake isanamenyedwe ndi chilichonse. Zina zonse zimatsatira pamenepo.

Chimene chimaswa matailosi oyandikana

Tailosi yomatidwa pansi imagwiridwa m'malo awiri. Kunsi imagwiridwa ndi guluu wa matailosi, uja wa ufa wonga simenti amene amagulitsidwa m'matumba a makilogalamu 20. M'mbali imagwiridwa ndi simenti yopyapyala ya m'mizere, imene amisiri amaitcha gilauti. Gilauti akauma amalimba, ndipo amalumikiza matailosi onse a m'chipinda kukhala ngati chinthu chimodzi. Hamala ikagunda tailosi imodzi, mphamvu yake siithera pomwepo. Imayenda chammbali kudutsa mu gilauti n'kukafika m'mphepete mwa tailosi ina, pamene ndi pomwe tailosi iliyonse ili yofooka kwambiri.

Njira yachiwiri yoswera ndi kutsamiritsa. Munthu akalowetsa tchizulo mumzere n'kuchipendeketsa kuti akanule, msana wa tchizulocho umatsamira pa mlomo wa tailosi yabwino. Kulemera konse kwa dzanja kumathera pa kamalo kosakwana sentimita imodzi, ndipo khungu lonyezimira la pamwamba limabenthuka. Kubenthuka kotereku sikukonzeka. Ngakhale kudzazidwe ndi gilauti, kumaonekabe ndipo kumasunga litsiro.

Kugogoda ndi kugwirizana ntchito isanayambe

Pakati pa chipinda, tailosi iliyonse imazunguliridwa ndi anzake asanu ndi atatu: anayi m'mbali ndi anayi m'makona. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba ndi kugogoda onsewa ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kapena ndalama yachitsulo. Tailosi yogwira bwino imalira mogontha, pomwe yokhala ndi mphako kunsi imalira ngati ng'oma. Mphakozi zimabwera kawirikawiri pamene womata woyamba adasunga guluu poika timilu tisanu tokha, tinayi m'makona ndi kamodzi pakati, m'malo mopaka ponseponse. Zimabweranso pamene matailosi olimba a poselini adamatidwa ndi simenti wamba. Poselini samwa madzi, choncho simenti wamba saigwira bwino monga amagwirira matailosi a selamiki a msana wofiira.

Malo onse olira ngati ng'oma alembedwe ndi choko, mwini shopu akuona, ndipo ajambulidwe pa foni. Apa mpamene mmisiri amayenera kulankhula momveka, monga kuti: "Mayi, iyi yakumanjayi ili kale ndi mphako pakona. Ndiyesetsa kuisamala, koma ikasweka tigwirizane lero kuti ndani agule ina." Mawu oterewa akanenedwa ntchito isanayambe amakhala mgwirizano, koma akanenedwa tailosi itasweka amamveka ngati kudzikanira mlandu.

Mng'alu weniweniwo nawo umanena zambiri. Wooneka ngati nyenyezi, wochokera pa malo amodzi, umasonyeza kuti panagwa chinthu cholemera, ndipo kusintha tailosi imodzi kumathetsa vuto. Koma mng'alu wowongoka wodutsa matailosi atatu kapena anayi motsatizana umasonyeza kuti konkire ya pansi ndiyo yang'aluka. Tailosi yatsopano ikamatidwa pamng'alu wotero osaukonza, imadzasweka pa mzere womwewo.

Chomaliza chofunika kuchita ntchito isanayambe ndi kupeza tailosi yolowa m'malo. Woyamba kufunsidwa akhale mwini nyumba, chifukwa nthawi zambiri pamatsala katoni ya matailosi m'sitolo kapena m'galaja. Ngati palibe, kachidutswa ka tailosi yoswekayo katengedwe popita ku mahadiweya a ku Old Town, monga a m'mbali mwa msewu wa Malangalanga, chifukwa chithunzi cha pa foni chimanamiza mtundu. Muyeso nawo uonedwe ndi tepi. Matailosi awiri olembedwa 40 x 40 ochokera ku mafakitale osiyana angasiyane ndi mamilimita awiri kapena atatu, ndipo kusiyana kumeneko n'kokwanira kuti yatsopano ikane kulowa.

Chitsanzo: tailosi ya 40 x 40 kutsogolo kwa kauntala

Mwachitsanzo, m'golosale ya ku Old Town mwala wa sikelo wagwa kuchokera pa kauntala n'kuswa tailosi ya selamiki ya masentimita 40 mbali zonse. Tailosiyo ndi yochindikala pafupifupi mamilimita 8, ndipo mizere yake ndi yotambalala mamilimita 3. Zida zofunika ndi zochepa: lezala la sowo yodulira zitsulo kapena kachida kopalira gilauti, tepi ya pepala, makatoni, hamala yaing'ono, tchizulo chopyapyala chakuthwa, makina oboolera okhala ndi msomali woboolera konkire wa mamilimita 6, burashi, magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Magalasi si okongoletsa, chifukwa tizidutswa ta tailosi timathwa ngati galasi ndipo timauluka. Katundu wodyedwa yemwe ali pafupi, monga ufa, shuga ndi mpunga wa m'matumba otsegula, avundikiridwe kapena asunthidwe.

Gawo loyamba ndi kuteteza anzake. Tepi imatidwe kawiri m'mphepete mwa matailosi onse ozungulira, kusiya mzere wa gilauti wokha poyera, ndipo makatoni ayalidwe pamwamba kuti hamala ikapulumuka m'manja igwere pofewa.

Gawo lachiwiri, lomwe ndi lalikulu kuposa onse, ndi kupala gilauti. Mbali zinayi za masentimita 40 zimapanga mzere wa masentimita 160, ndipo wonsewo uyenera kupalidwa mpaka pansi. Kunyowetsa mzere ndi madzi pang'ono kumachepetsa fumbi. Lezala la sowo, lokulungidwa kansalu kumapeto kogwira, limakokedwa mobwerezabwereza mumzere, litapendekera pang'ono ku tailosi yosweka kuti ngati likanda, likande yomwe ikutayidwa kale. Ntchitoyi ndi yotopetsa ndipo pamanja ingadye ola lathunthu, koma ili ndi ubwino woti siidikira magetsi a ESCOM.

Ambiri amalakwitsa posiya theka. Amapala pamwamba mamilimita awiri kapena atatu, mzere n'kuoneka woyera, pomwe kunsi gilauti akadali wolumikiza. Kuti munthu adziwe kuti wafika, lezala liyenera kulowa mamilimita 8 onse, ndiye kuti kuchindikala konse kwa tailosi, ndi kuyenda momasuka kuchokera kona ina kufika ina. M'makona ndiye mofunika kusamala kwambiri, chifukwa pamenepo pamakumana matailosi anayi, ndipo kachigamba ka gilauti kotsala pamenepo kangathe kuthyola kona ya tailosi yopingasa nayo.

Yemwe ali ndi gilayinda angafulumizitse ntchito, koma chida chimenechi chimawononga msanga kuposa momwe chimathandizira. Chimbale chake chodulira matailosi n'chochindikala pafupifupi mamilimita 2, choncho mumzere wa mamilimita 3 malo olakwitsira ndi ochepa zedi. Komanso popeza chimbalecho n'chozungulira, sichingafike pansi pa kona popanda kudutsirira ku matailosi ena. Gilayinda iime masentimita atatu isanafike pakona, ndipo kotsalako kamalizidwe pamanja. Fumbi la gilayinda limawononga mapapo, motero masiki yabwino ndi zitseko zotsegula n'zofunika.

Gawo lachitatu ndi kufooketsa tailosi yosweka kuchokera pakati. Timabowo tiboolodwe motsatira mizere iwiri yopingasa, yochokera kona kupita kona, motalikirana masentimita atatu, koma tisayandikire m'mphepete kupitirira masentimita asanu. Makina oboolera akhale pa kuzungulira kokha, osati pa kugogoda kuja kwa poboola konkire, chifukwa kugogodako kumagwedeza chipinda chonse. Pa msomali woboolera pamatidwe katepi pa mamilimita 10 kuchokera kunsonga kuti pasapitirire. Izi n'zofunika kwambiri m'bafa, m'khitchini ndi m'saluni, momwe mapaipi a madzi kapena a mawaya angakhale pafupi pansi pa matailosi. Ngati magetsi palibe, msomali wa konkire wogogodedwa pang'onopang'ono pakati pa mng'alu umatsegulanso malo oyambira.

Gawo lachinayi ndi tchizulo. Poyamba chiimitsidwe chilili pakati pa timabowo, chigogodedwe mopepuka mpaka kachidutswa koyamba katuluke. Pakapezeka kadzenje, tchizulo chigonekedwe mopendekera kuti chilowe kunsi kwa tailosi, pakati pa tailosi ndi guluu, n'kumachotsa tizidutswa tating'ono kuchokera pakati kupita kunja. Kugogoda kambirimbiri mopepuka kumaposa kumenya kamodzi mwamphamvu. Zidutswa zisesedwe pafupipafupi, chifukwa kachidutswa kogwera mumzere wopalidwa kamalumikizanso tailosi ndi inzake ngati mphero, ndipo ntchito yonse yopala gilauti imapita pachabe.

Pakatsala lamba wa masentimita atatu kapena anayi kuzungulira m'mphepete, njira isinthe. Tchizulo chisalozenso ku tailosi yabwino, chifukwa chikapulumuka chimakaibaya pamlomo. Chiyende motsatana ndi mzere, cham'mbali, kuti zidutswa zizigwera m'kati momwe mwatseguka kale. Lamba ameneyu ndiye amatenga nthawi, ndipo matailosi ambiri oyandikana amasweka pa mphindi zomalizazi, mmisiri ataona ngati ntchito yatha.

Kukonza malo ndi kumata yatsopano

Guluu wakale yemwe watsalira pa konkire apalidwe yense ndi tchizulo chogonekedwa pafupifupi chogona, makamaka m'makona. Guluu yemwe walowa kunsi kwa matailosi oyandikana asakumbidwe, chifukwa kumukumba kumasiya mlomo wa tailosi uli m'malere, ndipo umadzathyoka tsiku limene kreti ya zakumwa idzatsitsidwe pamenepo. Malowo akasesedwa, tailosi yatsopano iyesedwe youma. Iyenera kukhala yotsika ndi mamilimita atatu kapena anayi poyerekeza ndi anzake, kuti guluu watsopano apeze malo. Ikafanana nawo msinkhu isanapakidwe guluu, ndiye kuti kupala sikunathe.

Tailosi ya 40 x 40 imakuta malo okwana 0.16 ya sikweya mita, choncho guluu wosakwana kilogalamu imodzi ndi wokwanira. Ya 60 x 60 imakuta 0.36 ya sikweya mita ndipo imafuna pafupifupi makilogalamu awiri. Guluu apakidwe pansi ndi mpeni wa mano, ndipo wina wopyapyala apakidwe kumsana kwa tailosi kuti pasatsale mphako. Tailosi ikanikizidwe ndi manja, thabwa lowongoka ligonekedwe pamwamba kudutsa pa anzake kuti msinkhu ufanane, ndipo timitanda ta pulasitiki tiikidwe m'mizere. Guluu wotumphukira m'mizere achotsedwe akadali wofewa.

Pasapondedwe kwa maola 24, kapena monga momwe thumba la guluu likunenera, kenaka gilauti athiridwe. Kwa wamalonda izi zikutanthauza kusankha tsiku bwino. Ntchito yoyambika Loweruka madzulo shopu itatsekedwa imapeza Lamulungu lonse loumira. Ngati shopu siitseka, thabwa lochindikala ligonekedwe pamwamba litatsamira pa matailosi ena, osati pa yatsopanoyo.

Pamene njira iyenera kusintha

M'nyumba zambiri zatsopano za ku Area 43, Area 47 ndi Area 10, komanso m'maofesi okonzedwanso a ku City Centre, muli matailosi a poselini a 60 x 60 omatidwa mothinana, mizere yake yopyapyala moti lezala sililowa. Awa ndiwo oopsa kwambiri, chifukwa milomo yawo imagundana. Njira yake ndi kudula mzere watsopano ndi gilayinda m'kati mwa tailosi yosweka yomweyo, masentimita awiri kuchokera m'mphepete, mbali zonse zinayi, mpaka chimbale chidutse kuchindikala konse. Chapakati chimachotsedwa monga tafotokozeramu chili kale chopatuka, ndipo kalamba kotsalako kamakankhidwira m'kati pang'onopang'ono. Poselini ndi yolimba moti msomali woboolera konkire umangoterera, choncho mizere yopingasa nayo imadulidwa ndi gilayinda m'malo moboola.

Vuto lina ndi matailosi otukumuka, aja amene amadzuka awiri n'kutsamirana ngati denga. Izi zimaoneka kwambiri pa makhonde owombedwa ndi dzuwa, makamaka nyengo yotentha ya mu Okutobala ndi Novembala. Matailosi amafutukuka ndi kutentha, ndipo ngati womata sadasiye mpata kukhoma, amakankhana mpaka ena adzuke. Pansi potero pali pothinana kale, motero kumenya tailosi imodzi kungadzutse mzere wonse. Choyamba ndi kutsegula mpata wa mamilimita asanu kapena kuposerapo m'mbali mwa khoma, kenaka kupala mizere yozungulira matailosi odzukawo. Ubwino wake ndi woti matailosi odzuka amakhala atalekana kale ndi guluu, ndipo nthawi zambiri amanyamuka athunthu.

Funso limene eni mashopu amafunsa kawirikawiri ndi loti kodi tailosi ingachotsedwe yathunthu kuti igwiritsidwenso ntchito, monga kutenga ya kunsi kwa kauntala kapena kwa filiji n'kuiika poonekera. Yankho limadalira kulira kwake. Yolira ngati ng'oma mbali yaikulu ingatuluke: gilauti apalidwe yense, chopalira chopyapyala chotambalala chilowetsedwe chogona kuchokera mbali yotseguka, monga pomwe tailosi ina yachoka kale kapena pakhomo, n'kumagogodedwa pang'onopang'ono malo osiyanasiyana popanda kukanula. Koma tailosi yogwira bwino paliponse siituluka yathunthu kawirikawiri, ndipo mmisiri asalonjeze zimenezo. Madzi otentha sathandiza, chifukwa guluu wa simenti akauma sasungunuka.

Matailosi a pulasitiki a m'nyumba zakale

Kutentha kumathandiza pa mtundu wina wa matailosi. Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe kuchokera ku Zomba mu 1975, ndipo nyumba ndi maofesi ambiri a ku City Centre ndi madera oyandikana nawo adamangidwa m'zaka zimenezo. M'zina mwa nyumbazi mukadali matailosi opyapyala a pulasitiki omatidwa ndi guluu wakuda wonga phula. Guluu ameneyu amafewa akatenthedwa. Mizere yozungulira tailosi idulidwe kaye ndi mpeni wakuthwa kuti polishi wa zaka zambiri asakoke anzake. Kenaka nsalu iyalidwe pa tailosi imodziyo, simbi yotentha pang'ono, ya magetsi kapena ya makala, iyendetsedwe pamwamba kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo chopalira chilowetsedwe pamng'alu kapena podulidwa pakati, kupita kunja. Matailosi oyandikana avundikiridwe ndi nsalu yonyowa kuti guluu wawo asafewe n'kupinda makona.

Apa pali chenjezo lalikulu. Matailosi ena a pulasitiki opangidwa zaka za m'ma 1980 zisanafike, pamodzi ndi guluu wakuda wa nthawi imeneyo, adali ndi asibesitosi, yemwe fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo patapita zaka zambiri. Ndi maso sizingatheke kusiyanitsa okhala naye ndi opanda. Choncho matailosi oterewa asadulidwe ndi gilayinda, asakwechedwe ndi sandipepa ndipo asasesedwe ouma. Anyowetsedwe, anyamulidwe athunthu momwe zingathekere, ndipo zidutswa zimangidwe m'jumbo yochindikala. Ngati ntchito ndi yochotsa chipinda chonse, imeneyo si ganyu ya munthu mmodzi wokhala ndi simbi.

Kuwerengera mtengo

Mmisiri amene amatchula mtengo wa ntchitoyi pa sikweya mita, monga amachitira pomata nyumba yatsopano, amadzidyera masuku pamutu yekha. Tailosi imodzi ya 40 x 40 siikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo asanu a sikweya mita, koma imadya theka la tsiku, kuphatikizapo ulendo wachiwiri wodzathira gilauti mawa lake. Mtengo uwerengedwe pa nthawi ndi maulendo awiriwo, ndipo guluu, gilauti ndi tailosi zilembedwe padera. Matailosi osweka akakhala angapo m'nyumba imodzi, mtengo wa iliyonse ungatsike chifukwa ulendo ndi thumba la guluu n'zimodzi.

Kwa ogulitsa zomangira, pali makasitomala amene amafuna tailosi imodzi kapena ziwiri ndi guluu wochepa, osati katoni ndi thumba lathunthu. Matailosi otsala m'makatoni otsegulidwa, makamaka a mitundu imene idasiya kubwera, ndi katundu wa ndalama ngati asungidwa choimirira, nambala ya mtundu ya pa katoni italembedwa kumsana kwake. Guluu wogulitsa pa kilogalamu asungidwe m'ndowa yotseka bwino, chifukwa chinyezi cha nyengo ya mvula chimamuumitsa mibulu, ndipo guluu wa mibulu sagwiranso. Ndipo aliyense womata shopu yatsopano agule matailosi anayi kapena asanu oonjezera n'kuwabisa pamalo ouma, chifukwa mtundu umene wadzaza m'mahadiweya chaka chino sudzapezekanso mosavuta tsiku limene mwala wa sikelo udzagwe.